Chitseko chikukhula pansi, loko sakulowa: ndipale kapena ndiyambe mahinjesi?

Mayi wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chitseko chathu cha kuseri, cha matabwa a paini pa felemu yachitsulo, chayamba kuvuta mvula itangolimba mu Januwale. Chikukhula pansi mpaka chajambula mzere pasimenti, ndipo kuti loko alowe ndimachita kuchinyamulira m'mwamba ndi chogwirira. Ana sangathe, moti ndikachokapo nyumba imakhala yosakhoma. Mnyamata wina wati achipale ndi pulena. Ndimulole?

Bambo wa ku Kawale: Chafufuma ndi chinyezi chimenecho, mayi. Paini amamwa madzi kwambiri. Apale basi, nane ndinatero.

Kalipentala wa ku Ndirande: Pulena ayambe wadikira. Kufufuma kungakhalepo ndithu, koma mawu akuti mumachinyamula kuti loko alowe akuloza kwina. Thabwa lofufuma silinyamulika, limangothina. Chitsekuleni theka, mugwire kumapeto kwake n'kukweza, maso ali pa hinjesi ya pamwamba. Kenako chitsekeni muone mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu kumtunda. Ukakhala waukulu mbali ya loko, waung'ono mbali ya mahinjesi, ndiye kuti chaweramira pansi. Mutiuze zomwe mwaona, komanso mahinjesi alipo angati.

Mtsikana wa ku Mzuzu: Thirani mafuta a makina osokera pabowo la kiyi, anti. Wathu anasiya kuvuta.

Mayi wa ku Zomba: Kiyi akuzungulira bwinobwino mwanangu, chitseko chikakhala chotsekula. Bambo a ku Ndirande, ndayesa. Chikugwedera pa hinjesi ya pamwamba, ndipo masikuluu awiri akungozungulira osagwira. Mahinjesi ndi awiri. Kumtunda mbali ya loko chala chaching'ono chikulowa.

Kalipentala wa ku Ndirande: Ndiye matenda tawapeza. Hinjesi ya pamwamba ndi imene imakokedwa ndi kulemera kwa chitseko, ndipo paini ndi wofewa, akanyowa mabowo a masikuluu amakula. Chitseko chikapendekeka pang'ono chabe, lilime la loko limagunda m'munsi mwa bowo lake.

Poyamba lowetsani kathabwa pansi pa chitseko, kumbali ya loko, mpaka mpata wa kumtunda ufanane. Mukamanga chili chowerama, chidzakhala chowerama. Masulani masikuluu a hinjesi ya pamwamba yokha. Semani timitengo touma tokwana m'mabowomo, tipakeni guluu wa matabwa, mukhomere ndi kudula zotsala. Ena amaika machesi, koma pa chitseko cholemera sakhalitsa. Guluu agone usiku wonse. M'mawa boolani kabowo kakang'ono pakati pa kamtengo kalikonse, mumange masikuluu atsopano otalikirapo: ngati akale ndi a mamilimita 30, gulani a 50. Chonde musalole aliyense kukhomapo misomali kapena kumenya sikuluu ndi hamala, ndi zimene zimaononga zitseko zambiri zomwe ndimaitanidwira.

Mukatero pakani choko m'mphepete mwa felemu, mutseke ndi kutsekula. Pomwe choko chadinda pachitseko ndi pomwe pakuthina. Pamenepo pokha ndiye mupale, pang'onopang'ono, mpaka mpata ukhale ngati mamilimita 3.

Bambo wa ku Kawale: Koma pomalizira pake mwabwerera ku pulena yemweyo.

Kalipentala wa ku Ndirande: Eya achimwene, koma kumapeto, osati poyamba. Mukapala chitseko chowerama, pansi pamasiya kukhula koma loko salowabe. Ndiponso thabwa lomwe mwachotsa m'dzinja silibwerera. Ikafika Okutobala chitseko chimauma n'kuchepa, mpata umakula, fumbi ndi mphepo zimangolowa, mwinanso lilime la loko osafika pabowo.

Mayi wa ku Mulanje: Kwathu kuno mvula siisowa, ndiye ndiwonjezere ichi. Opaka penti ambiri amapaka kumaso ndi kumbuyo, n'kusiya m'mphepete mwa pansi ndi mwa pamwamba. Madzi odontha kudenga akamathovukira pakhonde amalowera pansipo. Ife chitseko chathu tinachizula, tinadikira chiume, tinapaka vanishi kawiri m'mbali zonse. Paliponse pomwe mwapala pakaninso, apo ayi chifufumanso msanga.

Bambo wa ku Area 25: Langa ndi losiyana pang'ono. Masikuluu ndi olimba, koma chitseko chikuthina pakona ya kumtunda, ndipo khoma lang'ambika kuchokera pakona ya felemu kukwera m'mwamba. Ndapalitsa kawiri, chikubwerezabe.

Kalipentala wa ku Ndirande: Bambo, siyani kupala. Mwina felemu ndi imene ikupotoka chifukwa khoma likusuntha. Yezani felemu kuchoka pakona ina kufika pakona yopingasa nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo ikasiyana, itanani mmisiri womanga aone mng'aluwo. Ine pamenepo sindingaweruze ndili kutali.

Mayi wa ku Zomba: Zikomo nonse. Guluu ndagula, masikuluu ndikafuna mawa. Funso lina: ndiwonjezere hinjesi yachitatu? Poti felemu ndi yachitsulo, ndiye kuti pafunika wowotcherera?

Kalipentala wa ku Ndirande: Pafunika wowotcherera, ndipo aiike molunjika ndi zinzakezo, ikapanda kutero chitseko chidzalimbana nayo. Ine ndikanayamba ndaona ngati masikuluu atsopanowo agwira mpaka mvula ithe.

Mayi wa ku Mulanje: Ine ndikanaikiratu yachitatuyo. Cha kuseri chimatsekulidwa tsiku lonse, ndipo ana amakoloweka thupi lonse pachogwirira.