Kachotupa ka m'bere: ndidikire kapena ndipite?

Amayi anzanga, makamaka anamwino amene muli muno, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 34, ndimakhala ku Chinamwali ndipo sindikuyamwitsa.

Mwezi uliwonse kukatsala sabata kuti ndisambe, mabere onse awiri amalemera ndi kuwawa, makamaka chakunja cha kukhwapa, moti ngakhale kamisolo imandisowetsa mtendere. Ndikangoyamba kusamba ululuwo umatha. Izi ndinazolowera, ndipo ndikudziwa kuti ndi mahomoni.

Koma tsopano kubere lakumanzere kokha ndapeza kachotupa ngati nsawawa, kolimba, kosawawa n'komwe. Ndinakamva ndisanasambe, ndiye ndinadikira mpaka masiku 7 nditayamba kusamba, nthawi imene mabere amakhala atafewa, n'kupapasanso ndili chagada. Kakadalipo, sikanachepe. Ndikakakankha ndi zala kamasuntha pang'ono. Khungu silinakwinyike ngati la lalanje, nsonga ya bere sinalowe m'kati, sikutuluka magazi, ndipo m'khwapa mulibe mwanabere.

Achemwali anga akuti chosawawa sichoopsa, koma ine ndinamva kuti khansa nthawi zambiri imayamba osapweteka. Kodi kusunthako n'kokwanira kuti ndidikire mwezi wina? Kapena ndipite sabata ino? Ndipo ku Zomba Central amalandira munthu wongofika, kapena ndiyambire kuchipatala chaching'ono kukatenga kalata?