Wojambula sitolibodi akungondifunsa mafunso, ndikulakwitsa pati?

Nambewe wa ku Mufakose:
Abale ndithandizeni, mutu waima. Gulu lathu la amayi likupanga kavidiyo ka masekondi 30 kokumbutsa anthu kuti madzi a pamjigo aziwiritsa kapena kuthira mankhwala, mukukumbuka momwe kolera inatipwetekera ku Glen View ndi Budiriro kuno ku Harare mu 2018. Nkhani ndalemba ndine, ndiye tapeza mnyamata wina wojambula kuti atipangire sitolibodi, zithunzi za pensulo zosonyeza momwe vidiyoyo idzayendere, chithunzi chilichonse amati fulemu, mafulemu 10, madola 5 fulemu imodzi. Ndamutumizira Lolemba, Lachiwiri podzuka ndapeza mafunso 17 pa WhatsApp, mayiyo ndi wa zaka zingati, wanyamula ndowa kapena chigubu, kamera ili pati, akuyang'ana kuti, eee mpaka nsima inandipserera ndikuyankha. Wajambula ziwiri, zonse si zomwe ndimaona m'mutu mwanga, ndipo akuti kubwereza ndi ndalama ina. Fulemu 4 ndinalemba chonchi: "Mayi afika pamjigo, atunga madzi ali ndi nkhawa poganizira mwana wake amene anadwala chaka chatha, kenako abwerera kunyumba." Chosamveka n'chiyani pamenepa? Ndilembe bwanji kuti azingojambula osandifunsanso?

Jemusi Mafoto:
Mayi mundipeze ku inibokisi, ndili ndi kamera yabwino, maukwati, zinkhoswe, maliro ndimajambula. Ndili ku Mbare pafupi ndi Musika.

Nambewe wa ku Mufakose:
Achimwene zikomo koma pano tikunena kujambula kwa pensulo, za kamera zibwera pambuyo.

Mwale wa ku Highfield:
Achemwali, mnyamatayo musamuone ngati wovuta, amene safunsa ndiye woopsa chifukwa amangojambula zake basi. Vuto la fulemu 4 ndi loti si fulemu imodzi. Kufika, kutunga, kubwerera, ndi zinthu zitatu, pomwe pensulo imagwira mphindi imodzi yokha itaima ngati foto. Mukaona kuti mwalemba "kenako", dziwani kuti pamenepo payamba fulemu ina.

Chachiwiri, mwana amene anadwala chaka chatha ali m'mutu mwa mayiyo, wojambula sangamuone. Nkhawanso sijambulika, chomwe chimajambulika ndi chomwe nkhawayo ikuchititsa thupi. Ine ndikanalemba chonchi:

Fulemu 4, masekondi 3. Kamera patali, thupi lonse likuoneka, pa msinkhu wa maso. M'mawa dzuwa litangotuluka. Mjigo uli kumanja kwa sikilini, pali mzere wa zigubu zisanu. Mayi akulowa kuchokera kumanzere, chigubu chopanda madzi m'dzanja la mbali ya kamera. Muvi woloza kumanja.

Fulemu 5, masekondi 3. Pafupi kwambiri, manja okha ndi kukamwa kwa chigubu, kamera ikuyang'ana pansi. Madzi akulowa, akuoneka oyera bwinobwino.

Fulemu 6, masekondi 4. Nkhope kuyambira m'mapewa. Maso ali pansi pa chigubu, tsinya pachipumi, milomo yotseka. Kumbuyo kwa phewa kukuoneka mutu wa mwana ali mtulo. Mawu a wolengeza: "Kuyera kwa madzi si umboni."

Fulemu 7, masekondi 3. Monga fulemu 4, kamera pomwepo. Chigubu pamutu, dzanja limodzi lachigwira, akupita kumanzere. Muvi woloza kumanzere.

Mwaona, mwana uja ndamuchotsa m'mutu ndamuika kumsana, tsopano woonera adziganizira yekha chomwe mayiyo akuopa. Koma mafulemu anu sakhalanso 10, mwina 14 kapena 15, konzekani thumba.

Nambewe wa ku Mufakose:
Mayo ine madola enanso. Koma ndamva ndithu. Nanga za kumanzere kumanjazi n'zofunikadi? Ine ndimati wojambula asankha yekha.

Mwale wa ku Highfield:
Apo ndi pamene anthu amagwa kwambiri. Ngati popita wayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, pobwerera ayenera kuyenda kumanja kupita kumanzere, apo ayi woonera aganiza kuti wapitirira ndi chigubu chake ulendo wa ku Kuwadzana. Ndipo nthawi zonse lembani kuti "kumanzere kwa sikilini", chifukwa munthu akayang'anizana ndi kamera, dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwa inu woonera. Inu mukatanthauza china iye namva china, fulemu yonse imatembenuka. Mivinso ilipo iwiri, wina ndi wa munthu akuyenda, wina ndi wa kamera ikusuntha. Nenani kuti chikuyenda n'chiyani.

Bambo a Tadala:
Mfundo ndi yoti lembani chilichonse osasiya kanthu. Zaka, mtundu wa chitenje, nsapato, mitengo ingati, fulemu iliyonse theka la tsamba. Akafunsanso ndiye kuti ndi ulesi wake.

Mwale wa ku Highfield:
Zaka ndi chitenje inde bambo, koma osati pa fulemu iliyonse. Zimenezo zimalembedwa kamodzi patsamba loyamba: mayi wa zaka za m'ma 30, wochepa thupi, duku, chitenje, mapatapata, mwana wa chaka chimodzi kumsana, chigubu chachikasu cha malita 20. Pomwepo pakhale foto ya mjigo weniweniwo, jambulani ndi foni basi. Mukamabwereza pa fulemu iliyonse tsiku lina muiwala duku pa fulemu 8, iye aganiza kuti wavula, funso lija labweranso. Pa fulemu mumangotchula chomwe chasintha. Komanso mukatchula zinthu 20 zonse mofanana sadziwa kuti diso ligwere pati.

Bambo a Tadala:
Za kulemba kamodzi ndavomera, koma ine ndikuonabe kuti bola kuchulutsa kusiyana n'kupereweza. Amene akulipira ndi mayiwa.

Chisomo wa ku Mabvuku:
Ineyo zinandionekera ndi kamalonda ka makeke a mchemwali wanga. Tinalongosola bwino zonse, wojambula anapanga mafulemu 12 okongola opingasa a 16:9 aja ngati a pa wailesi ya kanema, pomwe ife timafuna za pa sitetasi, choimirira 9:16. Anthu awiri oima moyandikana sanakwanemo, keke inatsala panja, tinayambiranso. Nambewe mwamuuza kuti vidiyoyo ikaonetsedwa pati? China, panali kombi, iye anatengera chithunzi cha pa intaneti cha galimoto ya kunja, chiwongolero kumanzere, anthu akukwerera mbali ya pakati pa msewu kkkk. Chitseko cha kombi kwathu kuno chili kumanzere, mbali ya m'mphepete.

Nambewe wa ku Mufakose:
Iii sindinamuuze! Ndi ya pafoni, tizitumizirana m'magulu a tchalitchi. Ziwiri wajambula zija n'zopingasa.

Mwale wa ku Highfield:
Ndiye fulemu 4 ndinakupatsani ija isinthe, pa choimirira mulibe malo oyenda chopingasa mtunda wautali. Mjigo ukhale patsogolo m'munsi, mayi akubwera chakuno kuchokera patali, pobwerera timuone kumsana, mwananso aoneka bwino. Ndipo ngati pali mawu olembedwa pasikilini mpatseni enieniwo chilembo ndi chilembo, munene ngati ndi Chishona kapena Chichewa, ndi malo ake, kuti asiye mpata asaikepo nkhope.

Musanatumize yesani chonchi, mpatseni mwana wanu pepalalo ajambule timitengo tokhala ndi mitu osakufunsani kanthu. Pomwe waima n'kukuyang'anani, pamenepo ndi pomwe pali dzenje.

Gogo Nachisale:
Ine zanuzi sindizidziwa koma mayi wa pa mjigo wa ku Mufakose wofika n'kutunga pomwepo popanda kudikira ndiye sindinamuone. Zigubu zisanu zachepa mwanawe.

Jemusi Mafoto:
Koma nanenso ndinenepo, mukamumanga kwambiri wojambula amakupatsani zouma. Ena amadziwa pomwe kamera ingakhale bwino kuposa inu olemba.

Mwale wa ku Highfield:
Zoona, ndiye pomwe mulibe nazo kanthu lembani kuti "apa sankhani nokha", nayenso ndi yankho. Chimene chimabala mafunso ndi kukhala chete.

Nambewe wa ku Mufakose:
Ndikhala pansi usiku uno ndilembenso, zigubu ndiwonjezera gogo. Koma ziwiri zopingasa zija alipire ndani? Mafunso ake 17 aja funso la chopingasa kapena choimirira munalibe.

Bambo a Tadala:
Iyeyo, ndi ntchito yake kufunsa zimenezo poyamba.

Chisomo wa ku Mabvuku:
Ife tinagawana pakati, koma mpaka lero wojambulayo sationetsa mano tikakumana pokwerera makombi ku Copacabana.