Makina a mlendo akungozima ndikayatsa 3D mu VirtualBox

Mphatso: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi Windows 10 yomwe ndimayendetsa ngati mlendo mu VirtualBox pa laputopu ya kuntchito. Sabata yatha ndinachoka pa 6.1 kupita pa 7.0. Mawindo ankayenda mokoka miyendo, ndiye ndinachonga `Enable 3D Acceleration`. Chichongereni, nthawi zina sikirini ya mlendo imada bii koma mawu akumveka, nthawi zina windo lonse limangosowa n'kulemba `Aborted`. Dzulo ndataya ntchito ya maola awiri.

Limbani: Memore yachepa imeneyo achimwene. Kwezani `Video Memory` ifike 256 MB. Yangayi inkakana kudzaza sikirini, nditakweza basi zinatheka.

Mphatso: Ili pa 256 kale, ndipo palibe chasintha.

Mayi Tadala: A Limbani, zanuzo zinathekadi, koma matenda ake ndi ena. Ntchito yaikulu ya memore imeneyo ndi kusunga chithunzi chomwe chili pasikirini. Kadontho kalikonse kamadya mabaiti 4. Sikirini ya 1920 kwa 1080 imafuna pafupifupi 8 MB, ya 3840 kwa 2160 pafupifupi 32 MB. Ndiye munthu amene wasiya 16 MB n'kulumikiza masikirini awiri, kukwezako kumuthandiza. Koma ikakwana yakwana, kuwonjezera sikuthamangitsa kanthu. Dziwaninso kuti memoreyi imachotsedwa pa RAM ya kompyuta yeniyeniyo, osati pakhadi la zithunzi.

A Mphatso, mwatchula zinthu ziwiri zosiyana. Mukayatsa 3D, dalaivala wa mlendo sajambula yekha. Amatumiza malamulo kwa VirtualBox, yomwe imawapereka kwa dalaivala wa khadi lenileni la laputopu. Sikirini ikada koma makina akupumabe, kayikirani kaye mbali ya mlendo. Windo lonse likasowa n'kulemba `Aborted`, ndiye kuti yagwa ndi pulogalamu yoyendetsa mlendoyo kunja kuno, ndipo nthawi zambiri pamakhala pokumanirana ndi dalaivala wa laputopu. Tandiuzani, Guest Additions ndi yanji, nanga `Graphics Controller` ili pati?

Mphatso: Ili pa `VBoxSVGA`. Guest Additions... ndaona tsopano, ikadali 6.1. Sindinaiganizire n'komwe.

Mayi Tadala: `VBoxSVGA` ndi yoyenera kwa Windows 10, isiyeni. Koma pamenepo pali vuto. Mu 7.0, yomwe inatuluka mu 2022, 3D anailembanso mwatsopano potsamira DirectX 11, ndipo dalaivala wa zithunzi wa mlendo wa Windows amabwera ndi Guest Additions. Panopa dalaivala wakale akulankhula ndi makina atsopano. Zimitsani mlendoyo kwenikweni, asakhale pa `Saved`, kenako:

```
VBoxManage modifyvm "Win10" --accelerate3d off
```

M'malo mwa `Win10` mulembe dzina la makina anu. Yatsani, ikani Guest Additions yofanana nambala ndi VirtualBox yanu, yambitsaninso, ndipo pokhapo bwezerani 3D. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, mungasowe chomwe chachiza.

Yamikani: Bwanji osangotsitsa dalaivala wa kampani yopanga khadilo n'kumuika mu Windows ya mkatiyo? Ine masewera akavuta ndimatero.

Mayi Tadala: Akana kulowa achimwene, chifukwa mlendo saliona khadi lenilenilo. Amaona khadi longoyerekeza la VirtualBox. Dalaivala ameneyo aikidwe pa laputopu penipenipo, ndipo a Mphatso achitedi zimenezo `Aborted` ikapitirira.

Chisomo: Pepani ndilowetseko yanga. Mlendo wanga ndi Ubuntu, bokosi la 3D ndachonga, sakugwa koma sindikuona kusiyana. Ndingadziwe bwanji ngati ikugwira?

Mayi Tadala: Achemwali, yanuyo ikhale pa `VMSVGA`. Ikani `mesa-utils`, kenako:

```
glxinfo -B | grep -i renderer
```

Mukaona `SVGA3D`, ikugwira. Mukaona `llvmpipe`, purosesa ndiye akujambula zonse, bokosilo mwangochonga chabe. Onaninso kuti simuli pa `VBoxVGA`, imeneyo 3D anaichotsa kuyambira 6.1.

Mphatso: Ndabweranso. Nditaika Guest Additions ya 7.0, kuda kwa sikirini kwatheratu, masiku atatu tsopano. Koma `Aborted` yabweranso kawiri, ndipo kawiri konse ndinali nditangolumikiza sikirini yachiwiri mlendo ali mkati moyenda. Dalaivala wa laputopu ndamusintha kale.

Limbani: Laputopuyo ili ndi makhadi awiri eti? Mwina polumikizapo ikusintha khadi, VirtualBox n'kutsala m'malere.

Mayi Tadala: Zikhoza kutero, koma tisagamule tisanaone. Ikagwanso, musayatse mlendo msanga. Tsegulani `Show Log`, mutitumizire mizere yomaliza ya `VBox.log`. Komanso mkatimo mumagwiramo ntchito yanji?

Mphatso: Pulogalamu yakale yowerengera ndalama ndi Excel basi.

Mayi Tadala: Zimenezo sizifuna 3D. Mawindo azichedwako pang'ono, koma ntchito yanu siitayikanso. Ine pamakina ogwirira ntchitowo ndikanaizimitsa, n'kupanga kope lina loyeserapo.

Mphatso: Ndazimitsa. Kope ndipanga usiku uno, ndipo ndiyesanso kulumikiza sikirini ndisanayatse mlendo, tione ngati igwe.