Thandizeni pa kafukufuku wa mano a ana asukulu, DMFT yandizunguza mutu

Wosatchulidwa dzina:
Akuluakulu a pa gulu pano ndithandizeni chonde. Andipatsa ntchito yokonza kafukufuku wa mano a ana m'masukulu anayi a dera lathu, akuti tigwiritse DMFT, yomwe imaphatikiza D ya mano owola, M ya mano omwe palibe ndi F ya mano omatidwa, ndipo lipoti likufunika temu isanathe. Amene amayenera kundiyang'anira sayankha foni, mnzanga amene tinayamba naye anatenga magalasi oonera mkamwa theka lonse kupita nawo ku ntchito ina osandiuza, ahedi a sukulu imodzi akuti tibwere nthawi ya buleki yokha basi. Ine tulo sindikugona. Tayesera ana ochepa, ambiri ali ndi mipata mkamwa ndiye M ikukwera koopsa, pena mwana mmodzi 6. Kodi ndi mmene zimakhalira? Ndipo ndiyeze ana angati?

Nachisale:
Pepani achimwene kapena achemwali, koma anawo ndi a zaka zingati? Mwatiuza za foni ndi magalasi koma chenichenicho mwasiya.

Bambo a Tadala:
Funso la ana angati lisiyeni kaye. Oyezawo munawayesa ngati akuona zofanana? Izi ndimanena tsiku ndi tsiku pano anthu samva. Anthu awiri akhoza kuyang'ana dzino limodzi, wina n'kuti lawola wina n'kuti ndi banga chabe, ndiye mudzapeza sukulu A ili ndi mano owola kuposa sukulu B pomwe kusiyana kwake ndi maso a oyeza. Tengani ana osachepera 20, aliyense awayeze payekha osauzana, mufananize mafomu dzino ndi dzino. Buku la WHO la 2013 limafuna azigwirizana pa 85 mpaka 95 peresenti. Popanda zimenezo mukungotaya magolovesi.

Chikondi wa Mano:
Ine ndinazulidwa dzino ndili wamng'ono popanda jakisoni wogwira bwino, mpaka lero ndikamva fungo la kuchipatala thupi limachita tsemwe. Anawo musawaopseze ndi zitsulo zanuzo chonde.

Nachisale:
Sazula pa kafukufuku mayi, amangoyang'ana ndi kagalasi ndi kachitsulo kokhala ndi kampira kunsonga, ka 0.5 mm, sikabaya. Koma ofunsa, zaka za ana zija?

Mjomba Fred:
M ikakwera ndiye kuti mano akutha basi, lembani zomwe mwaona. Dzino palibe ndiye palibe, M. Zosavuta izi.

Bambo a Tadala:
Amjomba ayi. Ndi maganizo amenewa amene amaononga malipoti. M ndi dzino limene linazulidwa chifukwa chowola, basi. Pa fomu ya WHO ndi nambala 4. Lotuluka chifukwa mwana anagwa pa njinga ndi 5, silowa mu DMFT. Limene silinamere ndi 8, silowanso. Ndipo ndibwereze, oyeza osaphunzitsidwa limodzi izi amazisokoneza zonse.

Wosatchulidwa dzina:
Zikomo nonse. A Tadala oyezafe tilipo awiri, winayo ndi yemwe anatenga magalasi uja ndiye kukhala naye pansi ndi nkhani ina, munthu wake sapepesa. Ana tikutenga amene aphunzitsi atitumizira.

Nachisale:
Zaka simunanenebe. Koma mmene mukufotokozera za mipatayo ndikuganiza kuti akukutumizirani tiana ta zaka 6 mpaka 8, nthawi yomwe mano aubwana akugweruka ena akumera. Pamenepo mpata wa kutsogolo si matenda, ndi kukula. DMFT ya zilembo zazikulu ndi ya mano achikulire okha, aubwana ali ndi yake ya zilembo zazing'ono dmft ndipo pa fomu amalembedwa ndi zilembo A, B, C osati manambala. Musaziphatikize pamodzi. N'chifukwa chake WHO imati yezani a zaka 5 ngati mukufuna za mano aubwana, ndi a zaka 12 pa achikulire, poti pa 12 pafupifupi onse amakhala atamera kupatula aja omaliza a kumbuyo kwenikweni, ndiye mutha kufananiza ndi za kwina.

Ndikupatseni chitsanzo. Mtsikana wa zaka 12, dzino lotafunira la pansi kumanja linamatidwa koma m'mbali mwa chomatacho labookanso. Limenelo pa fomu ndi nambala 2, limawerengedwa ku D osati F, dzino limodzi sililowa pawiri. La pansi kumanzere kulibe, mwamufunsa akuti linkawawa lili ndi bowo anakalizula, ndi 4, M. La kutsogolo linachoka atagwa, 5, lisiyeni. Palinso lina lili ndi kabanga koyera ngati choko koma pulobu, kachitsulo kaja, sikulowa, pamwamba pake ndi polimba, limenelo ndi 0. DMFT yake ndi 2, ngakhale mkamwamo mwaona zinthu zinayi.

Mjomba Fred:
Ndiye mwana wa zaka 12 adzakumbukira chifukwa chomwe anazulira dzino? Ena amangoti sindikudziwa. Pamenepo mulemba chani madokotala?

Bambo a Tadala:
N'chifukwa chake mumagwirizana lamulo limodzi musanayambe! Mwaona, tabwereranso pomwe ndinayambira. Ndipo mkati mwa ntchito muzibweza ana 5 mpaka 10 pa 100 alionse adzayezedwenso woyeza osadziwa, chifukwa munthu akatopa masana amayamba kuona mano onse ali bwino.

Mphunzitsi Wotopa:
Inu mumabwera m'masukulu mwathu kudzawerenga mano, kutisokonezera mapiriyodi, mukapita osabweranso. Mwana mwamupeza ndi dzino lotupa mafinya mumangolemba nambala n'kumubweza m'kalasi akulira. Makolo amadzafunsa ife. Kalata ya chilolezo kwa makolo mwalemba kale kapena mudzatiuzanso kuti tisainire ife?

Dalitso K:
Aphunzitsi alankhula zoona, konzani kapepala kotumizira mwana kuchipatala musanayeze ndi mmodzi yemwe. Pa DMFT kabowo kakang'ono ndi dzino lotheratu lotulutsa mafinya onse ndi D imodzi, sisiyanitsa. Ena amawonjezera PUFA, muyeso wowerenga mano owola mpaka mkati ndi otulutsa mafinya, pa chifukwa chimenechi. Komanso zoti aphunzitsi azikusankhirani ana zisiyeni, adzakutumizirani odandaula mano okhaokha pofuna kuwathandiza, kapena osamvera kuti apumeko kkkk. Tengani rejisitala, sankhani mwa maere kapena mwana wachitatu aliyense.

Mphunzitsi Wotopa:
Za osamverazo mwatinamizira.

Bambo a Tadala:
Maere ndi abwino koma maere ndi oyeza osagwirizana ndi ziro. Ine ndaona lipoti lathunthu likubwezedwa chifukwa cha zimenezi, anthu atagwira ntchito mwezi wonse padzuwa.

Nachisale:
A Tadala tamva bambo, mwanena kanayi. Funso la chiwerengero palibe wayankha. Njira yachidule ya WHO imati ana 25 mpaka 50 a msinkhu umodzi pa malo alionse, 25 ngati kuwola kuli kochepa, anyamata ndi atsikana pafupifupi mofanana. Masukulu anayi ndiye 100 mpaka 200 a zaka 12. Zimenezo zikupatsani chithunzi cha dera, koma zonena kuti sukulu iyi ikuposa iyo ndi ana 25 musayerekeze. Mwana mmodzi amatenga mphindi 5 mpaka 10, ndiye buleki ya ahedi aja muyezamo atatu kapena anayi basi, kakambiraneninso.

Dalitso K:
Ndipo polemba lipoti musangopereka avereji. Ana 9, asanu ndi mmodzi ali ndi 0, otsalawo 2, 3 ndi 4. Zonse 9, avereji 1.0, pa muyeso wa WHO pansi pa 1.2 ndi chotsika kwambiri, mabwana aziti zili bwino. Koma atatu a pamwambawo avereji yawo ndi 3.0, ndiyo SiC imeneyo, avereji ya gawo limodzi mwa magawo atatu la ana a DMFT yokwera kwambiri. Lembaninso ana angati pa 100 alibe vuto, ndi D, M, F padera, chifukwa ikakhala pafupifupi yonse ndi D ndiye kuti anawo sakufika kwa dokotala.

Mjomba Fred:
Koma amene sali pa sukulu bwanji? Mwati kafukufuku wa dera.

Wosatchulidwa dzina:
Zikomo kwambiri, ndasevako zonse. Mnzanga uja wayankha tsopano akuti magalasi abweza Lolemba koma awiri anasweka. Tochi ya pamutu ingathandize kapena tiyezere panja pa kuwala kwa dzuwa?

Bambo a Tadala:
Chilichonse, bola chikhale chimodzimodzi masukulu onse anayi ndi oyeza onse awiri.

Nachisale:
Ofunsa, anawo ndi a zaka zingati?