Thandizeni mawu otsatsira mbewu ya chimanga

Muli bwanji achimwene ndi achemwali? Ndimagulitsa mbewu ya chimanga pamsika wa Ulongue kuno ku Angonia, mapaketi a 2 kg. Ndajambula chithunzi cha pa WhatsApp koma mawu a pansi pake andivuta.

Ndinalemba zonse pamodzi: yocha msanga, yokonoka bwino mumtondo, mizere masentimita 75, mapando 25, njere imodzi paphando, mtengo kumapeto. Anthu akungoyankha kuti "zingati?", ndiye kuti sakufika kumapetoko. Nditasiya dzina ndi mtengo pokha, mafunso anasanduka akuti imacha miyezi ingati.

Chinanso, ena amachokera ku Dedza ndi makwacha, ine ndimalemba meticais.

Kodi mtengo ndiuyike mzere woyamba? Nanga malangizo a kabzalidwe ndiwachotse, ndizingopereka pakapepala munthu akagula? Amene mumagulitsa mbewu, mumalemba bwanji?