Mkaka wayamba kusasa, ndiphikire masikono kapena nditaye?

Wofunsa: Anzanga ophika, ndithandizeni. Ndili ndi oda ya masikono ya mawa. Malita 4 a mkaka wa m'paketi sanatuluke m'firiji, koma tsiku lake linatha dzulo ndipo ukumveka kafungo kosasa pang'ono. Malita ena 2 mwana wanga anawaiwala patebulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kutaya wonsewu mtima ukundiwawa.

Bambo wa buledi: Phikirani wonsewo mayi. Uvuni wa madigiri 200 palibe kachilombo kangapulumuke.

Mayi wa makeke: Achimwene, tizilombo timafadi, koma tina tikachulukana mu mkaka wofunda timasiyamo poizoni amene satha ndi moto. Komanso 200 ndi kutentha kwa uvuni, m'kati mwa sikono simupitirira 100. Wa patebulowo tayani osanunkhiza n'komwe, chifukwa poizoniyo alibe fungo. Mkaka sufunika kukhala kunja kwa firiji kupitirira maola awiri.

Wa m'firijiwo, ngati firiji yanu imazizira madigiri 4 kapena kutsika, thirani pang'ono m'tambula yoonekera m'kati. Ukakhala woyera, ukuthirika ngati mkaka, fungo lake n'losasa chabe, ndiye lawani kadontho. Wowawasa pang'ono mutha kuphikira lero lomwe. Koma ukamawawa, ukamananda ngati ulusi pothira, ukachita mibulu, chikasu kapena chuku, kapena paketi ikafufuma, umenewo sunasase, wawola. Mkaka wa m'paketi anautenthetsa kufakitale, tizilombo tambiri tosasitsa tinafera komweko, n'chifukwa chake nthawi zambiri umathamangira kuwola m'malo mosasa bwino.

Wophunzira ntchito: Ine ndimathira supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu m'kapu ya mkaka, n'kudikira mphindi 10. Ndiye ndakhala ndikudyetsa anthu zoipa?

Mayi wa makeke: Ayi mwanawe, iwe ukusasitsa wekha mkaka wabwinobwino, palibe vuto. Bola usamathire ndimu mu wowola kuti ubise fungo.

Wofunsa: Wa m'firijiwo ndalawa, ukungowawasa pang'ono. Nanga muyeso ndisinthe?

Mayi wa makeke: Sinthani pang'ono. Kapu ya mamililita 240 ya mkaka wosasa kwenikweni imafuna theka la supuni yaing'ono ya soda. Wanuwo sunafike pamenepo, ndiye ikani kota ya supuni yaing'onoyo pa kapu iliyonse, ndipo pa kapu iliyonseyo muchotse supuni yaing'ono imodzi ya bekini pauda. Soda akachuluka masikono amada msanga ndipo amamveka sopo m'kamwa. Mukakanda musachedwe kulowetsa mu uvuni, poti soda amayamba kugwira ntchito akangokumana ndi mkakawo. Yambani mwaphika ochepa, mulawe. Koma musauike mu kasitadi kapena kirimu wopaka pamwamba.

Bambo wa buledi: Za poizoni ndamva, zikomo mayi. Koma wa patebulowo ndikanadyera pakhomo ine.

Wophika wa kuhotela: Ngakhale pakhomo ayi bambo, pali ana. Ine kuntchito kwanga tsiku likangodutsa, ngakhale wa m'firijiwo sitiphikira alendo. Munthu akadwala m'mimba, mudzamufotokozera kuti munalawa?

Wofunsa: Wa patebulo ndataya kale. Winayu ndiphika ochepa usiku uno, za oda ndiganizabe.