IRR yanga ikutuluka ziwiri, yolondola ndi iti?

Anzanga odziwa za mawerengedwe a ndalama ndithandizeniko apa mutu waima. Ndili ndi pulojekiti ya mgodi waung'ono, poyambira tikulowetsa 100, chaka choyamba tikupeza 230, koma chaka chachiwiri tikutulutsanso 132 yokwirira maenje ndi kukonza malowo. Ndiye ndalama zikuyenda -100, +230, -132.

Mu Excel ndalemba chonchi:

```
=IRR(A1:A3,0.05)
=IRR(A1:A3,0.25)
```

Yoyamba ikupereka 10%, yachiwiri 20%, manambala omwewo! Ndawerengera pamanja, NPV ikukhaladi ziro pa 10% komanso pa 20%. Pa 15% ikubwera pafupifupi +0.19 koma pa 5% ndi -0.68, ndiye kuti chiwongola dzanja chikatsika pulojekiti ikuluza?? Ichi ndiye chikundizunguza kwambiri.

Mmene ndikumvera, ukachulukitsa zonse ndi (1+r)² umapeza -100x² + 230x - 132 = 0 pomwe x ndi 1+r, ndipo mayankho ake ndi 1.1 ndi 1.2, chifukwa chizindikiro chasintha kawiri, kuchoka ku mayinasi kupita ku pulasi kenako kubwereranso. Lamulo la Descartes lija limati mayankho oposa ziro sangapose kuchuluka kwa kusinthako, eti?

Tsono pa lipoti ndilembe chani poti ndalama tikubwereka pa 12%? Ndingoisiya IRR ndikuonetsa NPV basi, kapena ndigwiritse MIRR? Ngati ndi MIRR, peresenti yobwezeretsera phindu mu bizinesi mumaisankha bwanji, poti ukaisintha yankho nalo likusintha?